Kulengeza Ntchito Yatsopano pa LinkedIn Popanda Matama

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Takulandirani ku pulogalamu yathu ya nkhani za pantchito. Lero tikamba za munthu amene wapeza ntchito yatsopano ndipo akufuna kulengeza pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti limene linayamba mu 2003, pamene anthu apantchito amadziwana ndi kusakirana mwayi. Munthuyu akufuna anthu adziwe kumene wapita, akufunanso kuthokoza amene ankagwira nawo ntchito, koma akuopa kumveka wodzitama. Mu situdiyo muno ndili ndi mayi amene ntchito yawo ndi kulemba anthu ntchito komanso kuphunzitsa kalembedwe ka makalata a muofesi. Mayi, takulandirani.

MLENDO: Zikomo bambo, ndathokoza. Moni kwa omvera onse.

WOULUTSA: Tiyambe ndi funso limene ambiri ali nalo mumtima. Kodi n'kofunikadi kulengeza? Bwanji osangokhala chete n'kumagwira ntchitoyo?

MLENDO: Kukhala chete si mlandu. Koma ganizirani anthu amene ankakupezani ku ofesi yakale: makasitomala, ogulitsa katundu, anzanu a m'mabungwe ena. Akapanda kudziwa kuti munachoka, adzapitiriza kutumiza makalata ku keyala imene inatsekedwa. Ndiye positi yolengeza ili ndi ntchito ziwiri zokha. Yoyamba ndi kuuza anthu kumene muli tsopano. Yachiwiri ndi kupereka ulemu kwa amene munasiyana nawo. Chilichonse choonjezera pa ziwirizi chiyenera kufunsidwa kuti chabwera kudzatani, chifukwa matama amalowera pomwepo.

WOULUTSA: Komatu munthu akakondwa amaganiza kuti anzake akondwa naye.

MLENDO: Apo ndi pamene pagona vuto. Mu 2015 akatswiri atatu, Irene Scopelliti, George Loewenstein ndi Joachim Vosgerau, anasindikiza kafukufuku wa nkhani yomweyi. Anapeza kuti munthu amene akufotokoza za kupambana kwake amaganiza kuti omumva akukondwa naye ndi kumunyadira kwambiri kuposa mmene zilili, ndipo sazindikira kuchuluka kwa amene akunyansidwa nazo. Sikuti wolembayo ndi woipa mtima ayi. Iye ali m'chimwemwe, ndiye amayesa kuti chimwemwecho chafikanso kwa wowerenga. Pamene wowerengayo mwina wakhala zaka ziwiri akuponya makalata ofunsira ntchito osayankhidwa, kapena ndi mnzanu wa ku ofesi yakale amene wasenza ntchito yonse imene mwaisiya.

WOULUTSA: Tisanafike pa mawu enieniwo, nthawi yoyenera kulengeza ndi iti? Ena amalemba tsiku lomwelo aimbiridwa foni kuti apambana intavyu.

MLENDO: Kumeneko n'kufulumira. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Foni yokuuzani kuti mwapambana si kontirakiti. Pali zinthu zitatu zoyenera kuchitika kaye. Choyamba, musayine kontirakiti. Chachiwiri, abwana anu akale amve kuchokera pakamwa panu, mupereke notisi, ndipo anzanu a muofesi adziwe. Palibe chopweteka ngati bwana kudziwira pa foni yake kuti wantchito wake akuchoka. Mukatero, mawu onse othokoza amene mwalemba amasanduka chipongwe. Chachitatu, muyambe ntchitoyo. Ine ndimalangiza kudikira sabata imodzi kapena ziwiri mutayamba, ndipo mufunse ku ofesi yatsopano ngati ali ndi lamulo pa zolengeza. Maudindo ena akuluakulu kampani imafuna kuyamba kulengeza yokha.

WOULUTSA: Nanga nkhani ya pulobeshoni, nthawi yoyesedwa ija?

MLENDO: Kuno ku Malawi lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limalola kuti munthu waluso ayesedwe kwa nthawi yosapitirira miyezi 12, ndipo mkati mwa nthawiyo mbali iliyonse ikhoza kuthetsa kontirakiti popanda notisi. Sindikunena kuti mudikire chaka chathunthu. Ndikunena kuti mulembe mawu amene sadzakuchititsani manyazi zinthu zikasintha. Amene analemba kuti "ndayamba ntchito kwakuti" alibe chomuvuta. Amene analemba kuti "tsopano ndafika pamene ndimayenera kukhala" adzavutika kufotokoza akadzachoka patatha miyezi inayi.

WOULUTSA: Pali amene amadandaula kuti LinkedIn inalengeza yokha iwo asanakonzeke. Zimatheka bwanji?

MLENDO: Zimachitika posintha pulofailo. Mukamalemba ntchito yatsopano pa pulofailo yanu, pamakhala kabatani kolembedwa kuti `Notify network`. Kakakhala koyatsa, anthu amene mumalumikizana nawo akhoza kulandira uthenga woti mwasintha ntchito. Choncho kazimitseni kaye, konzani pulofailo mwakachetechete, onetsetsani kuti dzina la udindo lili ndendende monga lalembedwera mu kontirakiti, ndipo ikani mwezi umene munasiyira ntchito yakale. Ngati chithunzi chanu chili ndi mkombero wobiriwira uja wa `#OpenToWork`, uchotseni, chifukwa n'zosokoneza kulengeza ntchito uku mukuoneka ngati mukusakabe. Mukatha izi, m'pamene mupite pa `Start a post` n'kulemba ndi mawu anuanu. LinkedIn imakupatsaninso chiganizo chake chokonzeratu, chija chimayamba ndi `I'm happy to share that I'm starting a new position as`. Chiganizocho sichilakwa, koma anthu achiona kambirimbiri, ndipo mulibe dzina la munthu aliyense amene mukumuthokoza.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukambirana za kalembedwe ka positi yolengeza ntchito yatsopano pa LinkedIn. Mayi, mwabwera ndi chitsanzo. Tiwerengereni.

MLENDO: Ndi chitsanzo chongopeka, cha mayi wowerengera ndalama. Wagwira zaka zinayi ku bungwe la alimi, ndipo tsopano wapita ku banki. Ambiri amalemba positi zotere m'Chingerezi, koma kamangidwe kake n'kamodzimodzi. Poyamba mayiyu analemba motere:

"Ndine wodzichepetsa kwambiri kulengeza kuti mwa anthu 300 amene anafunsira, ine ndi amene ndasankhidwa kukhala mkulu wowerengera ndalama ku banki yakuti. Sindinaganizepo kuti munthu wamba ngati ine angafike apa. Pa zaka zinayi zimene ndinali ku bungwe lakuti, ndinakonza mabuku amene ndinawapeza ali osokonekera, ndinachepetsa nthawi yotsekera malipoti a pamwezi kuchoka pa masiku 15 kufika pa masiku 5, ndipo ndinapambana mphoto ya wantchito wabwino kawiri. Ndikuthokoza onse amene anandithandiza, mukudzidziwa nokha. Kwa amene ankandikayikira, onani tsopano. Ino ndi nthawi yokwera pamwamba."

WOULUTSA: (akuseka) Zoterezi ndaziwerengapo ndithu. Koma tiuzeni, cholakwika n'chiyani kwenikweni? Pajatu zonse wanenazo mwina n'zoona.

MLENDO: Zikhoza kukhala zoona zonse. Koma tamvetserani amene akuchita zinthu m'ziganizozo. Ndasankhidwa, ndinakonza, ndinachepetsa, ndinapambana. Paliponse ndi iye. Anzake aja angopatsidwa chiganizo chimodzi, ndipo alibe dzina, alibe chimene anachita. "Mukudzidziwa nokha" sikuthokoza munthu aliyense. Ameneyu ndiye muyeso umene ndikufuna omvera autenge lero: positi ya matama ndi positi yoyamikira zimasiyana pa amene akuchita ntchito m'ziganizo. Mukalemba, werengani ziganizo zimene wochita ndi inu, muwerengenso zimene wochita ndi munthu wina. Zanu zikachuluka, mwalemba mbiri yanu yofunsira ntchito, osati mawu othokoza.

WOULUTSA: Komatu wayamba ndi kunena kuti ndi wodzichepetsa.

MLENDO: Mawu amenewo ndi amene aipitsa zinthu kwambiri. Munthu sanganene kuti akudzichepetsa kenako m'chiganizo chomwecho n'kutiuza kuti waposa anthu 299. Wowerenga amaona zonse ziwiri, matamawo ndi chinyengo chowabisa, ndipo chinyengocho chimanyansa kuposa matama enieniwo. Kuli bwino kungonena kuti "ndakondwa", chifukwa n'zoona, ndipo palibe amene amadana ndi munthu wokondwa. Chiwerengero cha amene anafunsira nawo chichotsedwe. Ena mwa anthu amenewo awerenga positiyo, ndipo mwawauza pagulu kuti munawagonjetsa.

WOULUTSA: Nanga pamene akuti anapeza mabuku osokonekera?

MLENDO: Pamenepo wanyoza amene anali pampandowo iye asanabwere, wanyozanso abwana amene ankayang'anira. Waululanso za m'kati mwa bungwe, zimene sizoyenera kutuluka kunja. Abwana ake atsopano ku banki akawerenga adzadzifunsa kuti, kodi mayiyu akadzachoka kuno adzalemba zotani za ife? N'chimodzimodzi ndi mawu aja opita kwa amene ankamukayikira. Anthu sadzakumbukira udindo wake watsopano, adzangofunsana kuti akunena ndani. Ndipo mawu otsiriza, akuti "kukwera pamwamba", akutanthauza kuti amene atsala ku bungwe lija ali pansi.

WOULUTSA: Chabwino. Tsopano tiikonze. Tiyambire pati?

MLENDO: Tiyambire pa nkhani yeniyeni, chifukwa LinkedIn imangoonetsa mizere iwiri kapena itatu yoyambirira, yotsalayo munthu amachita kudina kuti aione. Ndiye mzere woyamba unene udindo, malo ndi nthawi, popanda mawu okometsera. Kenako pabwere kuthokoza, ndipo gawo limeneli likhale lalitali kuposa onse. Pomaliza chiganizo chimodzi kapena ziwiri za ntchito imene mukukagwira. LinkedIn imalola zilembo 3,000 pa positi imodzi, koma inu simukufunika zonsezo. Mawu 100 mpaka 150 ndi okwanira. Tamverani mmene mayi uja walemberanso:

"Mwezi uno ndayamba ntchito ngati mkulu wowerengera ndalama ku banki yakuti, ndipo ndakondwa kwambiri. Ndisanapite patsogolo, ndikufuna kuthokoza anzanga a ku bungwe lakuti, kumene ndagwira zaka zinayi. Mayi Uje anandilemba ntchito ndisanadziwe zambiri, ndipo chaka choyamba ankakhala nane mpaka madzulo kundionetsa mmene amakonzekerera oditi. Bambo Uje ndi anzawo a m'maboma ankayenda mitunda italiitali kutolera malisiti kwa alimi kuti afike pa nthawi yake. Chifukwa cha khama lawo, gulu lathu linayamba kutseka malipoti a pamwezi m'masiku 5. Zikomo nonse, ndipo ndikufunira bungweli zabwino pa nyengo yogula mbewu ikubwerayi. Ku banki ndizigwira ntchito ndi gulu loona za ngongole za mabizinesi ang'onoang'ono. Amene muli m'gawo limeneli, ndingakonde kuphunzira kwa inu."

WOULUTSA: Ndaona kuti masiku 5 aja sanachoke.

MLENDO: Sanachoke, chifukwa sitikuphunzitsa munthu kubisa luso lake. Chasintha ndi mwini wake wa chipambanocho. Poyamba chinali "ndinachepetsa", tsopano ndi "gulu lathu linayamba kutseka", ndipo tauzidwa amene anayenda mitunda kutolera malisiti. Wowerenga wanzeru akudziwabe kuti mayiyu anali pakati pa ntchitoyo, poti ndiye anali wowerengera ndalama. Waona luso lake popanda kuuzidwa kuti aliombere m'manja. Taonaninso kuti masiku 15 aja achoka, chifukwa ankaonetsa kuti kale zinthu sizinkayenda. Mphoto ziwiri zija zachokanso. Malo ake ndi pa pulofailo, pamene wofuna kudziwa mbiri yake akazipeza yekha. Ndiwonjezere chenjezo limodzi: chiwerengero chilichonse chochokera ku ntchito yakale, monga ndalama, makasitomala kapena phindu, muyambe mwafunsa ngati n'chololedwa kutuluka. Mukakayika, chisiyeni.

WOULUTSA: Kuthokoza kwa m'positi yachiwiriyi kukumveka kosiyana. Chinsinsi chake n'chiyani?

MLENDO: Aliyense watchulidwa ndi chinthu chimodzi chimene anachita, chinthu choti munthu akhoza kuchiona m'maganizo. Mu 2016 Sara Algoe wa ku yunivesite ya North Carolina ku Chapel Hill ndi anzake anafufuza mmene anthu amathokozerana. Kafukufuku wawo anali wa anthu okondana, osati a muofesi, koma phunziro lake limathandiza. Anasiyanitsa kuthokoza kumene kumakamba za phindu limene iwe wapeza, ndi kuthokoza kumene kumayamikira zimene mnzakoyo anachita. Kwachiwiriku ndi kumene kunkam'fika pamtima wothokozedwayo. Ndiye "zikomo, ndaphunzira zambiri ndipo ndakula" ikukambabe za inu. Pamene "ankakhala nane mpaka madzulo kundionetsa za oditi" ikukamba za Mayi Uje, ndipo aliyense wowerenga wadziwa kuti Mayi Uje ndi bwana wabwino. Imeneyo ndi mphatso yeniyeni kwa iwo, chifukwa yanenedwa pamaso pa anthu a m'ntchito yawo.

WOULUTSA: Koma mukatchula awiri, enawo sakhumudwa?

MLENDO: Akhoza kukhumudwa, n'chifukwa chake pamafunika kusankha mosamala. Njira imene imayenda bwino ndi kutchula anthu awiri kapena atatu, kenako gulu lonse ndi dzina la dipatimenti yake. Vuto limabwera mukatchula asanu ndi atatu mu ofesi ya anthu khumi, chifukwa awiri otsalawo aonekera poyera kuti mwawasiya. Ofesi ikakhala yaing'ono chotero, tchulani onse kapena thokozani gulu lonse pamodzi. Chinanso, musangotchula mabwana okhaokha. Mndandanda wa madairekitala okha umaoneka ngati mukuonetsa anthu akuluakulu amene mumadziwana nawo. Mlembi, dalaivala kapena kalaliki amene anakuthandizanidi ali ndi malo m'positiyo.

WOULUTSA: Nanga kutaga, kuja munthu amalemba chizindikiro cha `@` kutsogolo kwa dzina?

MLENDO: Mukataga munthu, amalandira uthenga, ndipo dzina lake limasanduka khomo lopita ku pulofailo yake. Choncho yambani mwawapempha. Kauthenga kakafupi n'kokwanira: "Mayi, ndikufuna kukutchulani pothokoza pa LinkedIn, kodi mundilola?" Ena sakonda kuonekera, ena malamulo a ntchito yawo sawalola. Onetsetsaninso kuti mwasankha munthu woyenera, poti mayina ofanana ndi ambiri. Ndipo popeza tagi imangotulutsa dzina monga lilili pa pulofailo, lembani "Mayi" kapena "Bambo" kutsogolo kwake, kuti musaoneke ngati mukuitana akuluakulu ndi dzina lokha.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Talandira funso kuchokera kwa womvera wina amene sanafune kutchulidwa dzina. Akuti, "Ine kumene ndachoka sitinasiyane bwino ndi abwana. Kodi ndiwathokoze zabodza?"

MLENDO: Ayi achimwene kapena achemwali, musaname. Anzanu a ku ofesiyo akudziwa zimene zinachitika, ndipo mukalemba kuti abwanawo anali ngati kholo lanu, adzakusekani n'kusiya kukhulupirira mawu anu ena onse. Koma musawanyozenso, ngakhale mophiphiritsa. Fufuzani chimene mungathokoze moona mtima. Mwina ndi anzanu a m'dipatimenti, mwina makasitomala, mwina luso limene munaphunzira kumeneko. Chiganizo chimodzi chikwanira: "Ndikuthokoza anzanga a m'gawo la zogulitsa amene tinagwira nawo ntchito zaka zitatu." Abwanawo osawatchula. Ngati munachotsedwa chifukwa kampani inkachepetsa antchito, mukhoza kunena kapena osanena, zili kwa inu. Mukasankha kunena, nenani mwachidule popanda kuloza chala, ndipo thokozani amene anakuthandizani pa nthawi yosaka ntchito.

WOULUTSA: Funso lina likuti, "Kodi ndi kulakwa kuthokoza Mulungu m'positi yotere?"

MLENDO: Si kulakwa, ndipo ambiri amatero kuchokera pansi pa mtima. Chofunika kusamala ndi chakuti kuthokozako kusasanduke njira ina yodzikweza. "Ndikuthokoza Mulungu" ndi mawu abwino. Koma "Mulungu wandikweza pamaso pa adani anga" ndi mawu aja a okayikira, angovala chovala china. Anzanu akale adzadzifunsa kuti adaniwo ndi ndani.

WOULUTSA: Tikambeko za chithunzi. Ambiri amajambulitsa atanyamula chitupa cha kuntchito kapena kalata yowalemba ntchito.

MLENDO: Zimenezo zipeweni. Chitupa chimakhala ndi nambala yanu ya ntchito, ndipo munthu wachinyengo akhoza kuchikopera. Kalata imakhala ndi malipiro, siginecha ya abwana ndi keyala yanu. Mukajambula pa desiki, onani zimene zikuoneka pa kompyuta ndi pa mapepala. Chithunzi chimene chimagwirizana ndi mawu othokoza ndi cha gulu, monga cha tsiku lotsanzikana, bola onse alimo avomere. Popanda chithunzi positi imayendabe. Musanatumize, onaninso amene aione. Mukasankha `Anyone`, aliyense akhoza kuiona, ngakhale amene sali pa LinkedIn. Mukasankha `Connections only`, aiona okhawo amene mumalumikizana nawo.

WOULUTSA: Munthu angadziwe bwanji kuti positi yake yayenda bwino? Ndi kuchuluka kwa amene ayamikira?

MLENDO: Chiwerengerocho chimanamiza, chifukwa anthu amadina mawu oyamikira mwachizolowezi, ngakhale osawerenga. Yang'anani amene ayankha. Anzanu akale akalemba ndi mawu awoawo, kukumbutsa zimene munachitira limodzi, dziwani kuti mawu anu afika. Akayankha alendo okhaokha, a ku ofesi yakale onse ali zii, pali china chimene sichinakhale bwino, ndipo ndi bwino kuimbira mmodzi wa iwo n'kumufunsa. Mukapeza kuti mwalakwitsa dzina kapena mwaiwala munthu wofunika, dinani timadontho titatu tili pamwamba pa positiyo, musankhe `Edit post`, mukonze, kenako mum'pepese munthuyo panokha. Poyankha makomenti, musayambenso kufotokoza mmene munapambanira intavyu. Munthu akati "munayenera", inu ingoyankhani kuti zikomo, n'kumufunsa za kwawo.

WOULUTSA: Nthawi yatithera. Mawu anu otsiriza kwa omvera, mayi?

MLENDO: Musanadine batani lotumizira, werengani positiyo mokweza ngati kuti mnzanu amene watsala pa desiki yoyandikana ndi yanu yakale wakhala patsogolo panu. Chiganizo chilichonse chimene simungathe kumuuza maso ndi maso, chichotseni. Kenako werengani ziganizo zija: zokamba za ena zichuluke kuposa zokamba za inu. Ndipo amene anakuthandizani kwambiri muyambe mwawaimbira foni kapena kuwayendera, kuti zikomo wanu asayambe kumumvera pa intaneti.

WOULUTSA: Omvera athu, amene muli ndi positi imene mwalemba koma simunatumize, itengeni muiyese ndi muyeso umenewu, ndipo mafunso anu pitirizani kutitumizira. Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)